Denga la matabwa kapena la chitsulo: musanagule mapelini werengani kaye izi

Ikangoyamba mvula ya Novembala ija yobwera ndi chimphepo madzulo, mmawa mwake mumangomva kuti kwa aujeni denga lasasuka, sukulu yakuti malata ali mmunda mwa anthu. Ndiye anthu amathamangira kunena kuti vuto ndi matabwa, bola ndikanaika chitsulo. Ine ntchito ya madenga ndakhala nayo nthawi ndithu ndipo ndaonapo la chitsulo litanyamuka lonse ngati chivundikiro cha poto, ndaonaponso la mapolo a bulugamu lili phee chonsecho nyumba zoyandikana nazo zili pamtetete. Nde tiyeni tiziyerekeze bwinobwino, koma tiyambe ndi mphepoyo chifukwa ndi imene imatiuza choti tiyang'ane.

Mphepo imachita chani kwenikweni

Kawirikawiri mphepo sikuti imakankhira denga pansi ayi, imalikoka kupita mmwamba. Ikamadutsa pamwamba pa nyumba imayamwa malata, ndipo ikapeza chitseko kapena windo yotsegula mbali yomwe ikuchokera, imadzaza mnyumbamo nkumakankhanso kuchokera pansi. Amainjiniya amayamba ndi kasamu aka: q = 0.6 × V², pomwe V ndi liwiro la mphepo mmamita pa sekondi, ndipo q ndi mphamvu ya mphepoyo pa sikweya mita, yomwe mukaigawa ndi 9.8 mupeza makilo. Mphepo ya mamita 30 pa sekondi, omwe ndi makilomita 108 pa ola, imapereka pafupifupi makilo 55 pa sikweya mita iliyonse. Lata la geji 30 pa sikweya mita yomweyo limalemera mwina makilo 3 basi. Mwaona kusiyana kwake. Komanso liwiro likawirikiza kawiri mphamvuyo imawirikiza kanayi.

China chomwe amisiri ambiri sachilabadira nchoti mphepo siikoka mofanana paliponse. Mmakona, mmphepete ndi pafupi ndi riji imakoka kawiri mpaka katatu kuposa pakati. Nchifukwa chake denga limayamba kufunyuluka pakona, lata limodzi likangotukuka mphepo yapeza polowera ndipo enawo amangotsatira.

Titenge nyumba ya zipinda zitatu, denga lake mamita 9 kwa 11, tingoti masikweya mita 100. Pa mphepo ija likukokedwa ndi matani 5 ndi theka, pomwe lokha, malata ndi matabwa omwe, likulemera mwina tani imodzi ndi theka. Matani 4 otsalawo ayenera kugwiridwa ndi khoma. Ngati mwaika matirasi 10, ndiye kuti pali malo 20 pomwe denga lakhudza khoma, ndipo aliyense akukokedwa ndi makilo 200, matumba anayi a simenti. Tsopano kumbukirani mmene kalipentala wanu anamangira pamenepo, timisomali tiwiri topendeketsa pa wolopuleti, thabwa lija logona pamwamba pa khoma, mwina ndi kawaya komwe kanangokoledwa pa njerwa ziwiri zapamwamba.

Zoyang'ana posankha

Choyamba ndi kutalika kwa mpata womwe denga likudumpha popanda khoma pansi pake, chifukwa chipinda cha mamita 4 ndi holo ya tchalitchi ya mamita 12 ndi nkhani ziwiri zosiyana. Chachiwiri chiswe ndi chinyontho cha kwanuko. Chachitatu mmisiri amene alipo, osati amene mumamufuna, amene alipodi. Kenako ndalama zonse pamodzi osati mtengo wa thabwa limodzi, ndipo chomaliza, chomwe ine ndimachiika patsogolo, ndi choti chinthucho chimagwira bwanji msomali kapena sikuluwu. Denga lili ndi mfundo zitatu: lata ku pelini yomwe lakhomedwapo, pelini ku lafita, lafita ku khoma. Imodzi ikafooka zinazo olo zikhale zolimba bwanji sizithandiza.

Matabwa a paini ocheka

Ndalama zake: pa nyumba wamba yogona awa ndi amene amakhala otsikirapo kuposa chitsulo, koma samalani ndi koteshoni yotchipa kwambiri chifukwa nthawi zambiri imatchipa pochotsa matirasi awiri atatu ndi kusintha mapelini a 2x3 kukhala a 2x2. Muwerengerenso mankhwala a chiswe ndi matabwa omwe mudzataye, sipalephera ena opindika ngati uta.

Kupezeka: ali paliponse, mmisika ya matabwa mtauni ngakhale pa maboma, ambiri a mafiti 18. Kungoti paini wokhwima uja tinkamudziwa wa ku Chikangawa wachepa, nkhalango ija ya mahekitala 53,000 yavutika ndi moto komanso kudula kosabwezeretsa, ndiye zambiri zomwe zikubwera pano ndi mitengo yanthete, yopepuka, yodzaza mfundo, ndipo imagulitsidwa isanaume. Thabwa lomwe akulitcha 2x3 mukaika tepi mupeza silikukwana. Pitani ndi tepi yanu.

Kasamalidwe: abwino kwambiri ndi olowetsedwa mankhwala a CCA ndi makina, amaoneka obiriwirako, koma mukagula amenewo misomali ndi masikuluwu zikhale zagalavanaizi yeniyeni chifukwa mankhwalawo amadya chitsulo wamba. Opaka ndi burashi amateteza pamwamba pokha, ndiye paliponse pomwe mwacheka pakaninso. Oyilo wakuda wa galimoto anthu amapaka inde, amathandizako pang'ono koma musamudalire ngati mankhwala. Chaka chilichonse mvula isanayambe kwerani musiling'i ndi tochi ndi sikuludiraiva, muzibaya matabwa makamaka pomwe akhudza khoma, ndipo muyang'ane tinjira tadothi ta chiswe.

Ziopsezo: chiswe aliyense akuchidziwa. Chomwe ambiri sadziwa ndi cha thabwa laliwisi. Msomali wosalala ukakhomedwa mthabwa losauma, thabwalo likamauma limaumasula, ndipo mphamvu yake yogwira imatha kutsika ndi theka kapena kuposa. Chaka choyamba denga limaoneka bwino, chaka chachitatu mukakwera mupeza zipewa za misomali zatukuka, ina mukuizula ndi zala. Ngati mwagula aawisi, asanjeni pamthunzi ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, adikire masabata angapo. Pa miyezo, ine pa malata wamba ndimafuna matirasi asatalikirane kuposa mita 1.2, mapelini a 2x3 oimika chammbali osati ogoneka, otalikirana masentimita 90, ndipo cha kumapeto kwa denga ndimawafupikitsako.

Mapolo a bulugamu

Ndalama zake: palibe chotchipa kuposa awa, ena amangodula kumunda kwawo.

Kupezeka: kumudzi kulikonse. Olowetsedwa mankhwala amapezeka mtauni ndipo mtengo umakwererako.

Kasamalidwe: asendeni makungwa, aume, apakeni mankhwala. Khungu lakunja la bulugamu limafumbwa msanga, mukaona kaufa kakugwa pansi kapena pa siling'i dziwani kuti tizilombo tayamba.

Ziopsezo: bulugamu wokhwima ngolimba ndipo msomali amaugwira kuposa paini, ameneyo ndi ubwino wake weniweni. Koma amang'aluka kunsonga akamauma, ndiye msomali wokhomedwa pafupi ndi nsonga umangokhala mumng'alu osagwira kanthu. Mangani nsongazo ndi waya, ndipo pouma kwambiri boolani kaye ndi dirilo. Vuto lina mapolo sakhala owongoka, lata limakhudza apa nkusiya mpata apo, mmisiri nkumalikakamiza ndi hamala mpaka kuliphwanya msana. Ngati mukufuna malafita a mapolo, mapelini okha gulani ocheka.

Chitsulo

Ndalama zake: apa ndiye pokwera, ndipo mtengo umayenda ndi dola chifukwa zambiri zimachokera kunja. Amene ankamanga mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti akukumbukira mmene makoteshoni anasinthira sabata imodzi. Pamwamba pa chitsulocho muwerengere malodi owotcherera, madisiki odulira, penti ya redi okisaidi, masikuluwu, ndi jenereta ngati pamalopo palibe magetsi kapena akuzimazima. Koma pa mpata waukulu masamu amatembenuka, chifukwa matirasi achitsulo mutha kuwatalikitsa mamita 3 kapena 4, ndiye amakhala ochepa.

Kupezeka: Lilongwe, Blantyre, Mzuzu mupeza zonse, sikweya chubu, engo ayoni, lipu chanelo, zambiri za mamita 6. Kutali ndi tauni thiransipoti imaluma, komanso wowotcherera wodziwa madenga sapezeka wamba. Kuwotcherera mageti ndi mabagila baa ndi luso lina, kuwotcherera thirasi ndi linanso.

Kasamalidwe: chiswe sichikhudza, sichipindika pouma, koma dzimbiri lilipo. Limayambira pa zowotcherera pomwe penti inapsa, ndi mkati mwa chubu momwe burashi siifika, ndiye nsonga za chubu zitsekedwe. Malo achinyontho ngati Mulanje, Thyolo kapena Nkhata Bay muzikwera pafupipafupi. Mkhola la nkhuku mpweya wa zitosi umadya chitsulo chopyapyala mwamsanga zedi.

Ziopsezo: chachikulu ndi kupyapyala. Mumsika mwadzaza chubu ya mamilimita 0.8 kapena 1, ikapakidwa penti imaoneka bwinobwino, koma sikuluwu ikalowa mmenemo imagwira ndi kamzera kamodzi kokha, dirilo ikangopitiriza pang'ono yadya kale mazinga ndipo ikungozungulira. Wowotchereranso amaiboola ndi moto nkumata pamwamba. Pelini yachitsulo ikhale mamilimita 1.6 kupita mmwamba, ine ndimakonda lipu chanelo ya mamilimita 2. Musakhulupirire pakamwa, yezani kunsonga kwake. Chachiwiri, lipu chanelo yaitali mphepo ikamakoka imafuna kupotoka chifukwa mlomo wake wapansi sunagwiridwe ndi lata, ndiye pa mpata wa mamita 4 kupita mtsogolo pakati pake pamafunika kachitsulo kolumikiza pelini ina ndi inzake. Chachitatu ndi chija ndanena poyamba, denga lachitsulo limakhala chinthu chimodzi cholimba, ndiye ngati silinamangidwe ku ring'i bimu limapita lonse, nthawi zina ndi mzera wa njerwa womwe. Pothira konkire ya ring'i bimu siyani zitsulo kapena mapuleti otulukira pomwe padzakhale thirasi iliyonse, osati kudzaganiza mochedwa nkumakhoma timisomali ta konkire.

Kusakaniza, matirasi achitsulo mapelini amatabwa

Iyi ndi njira yomwe anthu saiganizira koma imagwira. Ndalama zake zili pakatikati, zipangizo zimapezeka, ndipo kalipentala wanu wa masiku onse atha kukhoma malata mmene anazolowerera. Kasamalidwe ndi ka mbali zonse ziwiri, penti uku mankhwala uku. Chiopsezo chili pomwe thabwa lakumana ndi chitsulo: pawotchereredwe kachidutswa ka engo ayoni ndipo pelini igwidwe ndi bawuti yodutsa, osati kungomanga ndi waya wa mabuloko. Ndipo musaiwale kuti 2x3 siingadumphe mamita 3, matirasi ayandikirane ngati a matabwa omwe, apo ayi pelini ikule.

Tsopano misomali ndi masikuluwu

Apa ndi pomwe ndimafuna tichedwepo. Tibwerere ku nyumba ija. Malata wamba amizeremizere, msana wina kufika unzake ndi mamilimita 76. Mukakhoma pa msana wachitatu uliwonse, mapelini ali pa masentimita 90, msomali umodzi ukusunga kadera ka 0.2 sikweya mita. Pakati pa denga amenewo ndi makilo 11, palibe vuto. Pakona pomwe kukoka kumafika makilo 140 pa sikweya mita, ndi makilo 28, msomali wabwino mthabwa louma upirira. Koma mmisiri wofuna kusunga matabwa akatalikitsa mapelini kufika mita imodzi ndi theka nkumakhoma pa msana wachisanu, msomali womwewo wasenza makilo 80, ndipo sikuti ukukokedwa kamodzi, mphepo imagwedeza kambirimbiri usiku wonse. Ukakhala wosalala mthabwa lomwe linali laliwisi, watuluka basi.

Ndiye lamulo langa ndi ili: mzera wapansi, mzera wa ku riji, ndi pomwe malata alumikizana, khomani msana wachiwiri uliwonse, ndipo mmakona msana uliwonse. Pakati wachitatu uliwonse. Pa malata a IBR, mizera yakumapeto msana uliwonse, pakati kudumpha umodzi. Khomani pamsana osati mungalande momwe mumayenda madzi.

Msomali wosalala wa chipewa ndi wotchipa koma ndi wofooka pa yonse. Wopota uja umagwira bwino kwambiri ndipo kusiyana kwa mtengo pa kilo sikungakugwetseni. Ukatulukira pansi pa pelini musaudule, upindeni, wopinda suzuka wamba. Sikuluwu ya malata yokhala ndi wosha wa labala ndiye imaposa yonse, koma dziwani kuti ya matabwa ndi ya chitsulo nzosiyana: ya matabwa ili ndi mazinga akuluakulu ndi nsonga yosongoka, ya chitsulo ili ndi kansonga ngati dirilo. Mthabwa ilowe mamilimita 35 kapena 40, pa chitsulo mazinga atatu aoneke pansi.

Cholakwika chomwe ndachiona kangapo chili pa IBR. Msana wa lata wamba ndi wamfupi, mamilimita 18 okha, ndiye msomali wa mamilimita 65 umalowa mthabwa mokwanira. Msana wa IBR ndi mamilimita 37. Mukatenga msomali womwewo, chotsala cholowa mthabwa sichifika ndi 30 yomwe. Pa IBR ndi matabwa gulani sikuluwu za mamilimita 90, za 65 nza pa pelini yachitsulo. Ndipo pomanga musafinye mpaka labala kutuluka mmbali kapena msana kubonyoka, pamenepo mwapanga kachithaphwi koyambira kudontha ndi dzimbiri.

Lata nalo lili ndi mbali yake. Lopyapyala kwambiri, geji 32 ija, olo sikuluwu igwire bwanji, limang'ambika mozungulira mutu nkuchoka, sikuluwu nkutsala pa pelini. Geji 28 ndi yomwe ndimalangiza, koma funsani makulidwe mmamilimita chifukwa mawu oti geji aliyense akumangotchula. Ngati bajeti yakukakamizani kugula lopyapyala, onjezani mawosha akuluakulu mmakona ndi mmphepete.

Mfundo yachiwiri, pelini ku lafita, ndi imene imaiwalika kwambiri. Pa nyumba ija malo amodzi otere amasunga mamita 0.9 kuchulukitsa ndi 1.2, kuposa pang'ono sikweya mita imodzi, ndiye pakona ndi makilo 150 pa msomali umodzi wa mainchesi 4 wokhomedwa cholunjika, mbali yomweyo yomwe mphepo ikukokera. Kunyumba kwa achemwali anga ku Balaka ndi zomwe zinachitika, tinakapeza malata asanu ali mmunda wa nandolo atagwirana bwinobwino ndi mapelini ake, misomali ya malata yonse ili mmalo, koma pansi pa pelini iliyonse pali kamsomali kamodzi kowongoka kali mbee, kopanda ndi kupindika komwe. Malafita anatsala pa nyumba osagwedezeka. Pokonza tinangokulunga hupu ayoni, kachitsulo kopyapyala konga lamba, pamwamba pa pelini nkuikhomera mmbali zonse ziwiri za lafita, misomali iwiri uku iwiri uku, pa mizera iwiri yakumapeto ndi mbali za gebulo. Waya wagalavanaizi wa mamilimita 4 wopotedwa bwino umagwiranso ntchito yomweyo.

Mfundo yachitatu, ku khoma. Hupu ayoni kapena waya uja wopinda pawiri uzungulire thirasi yeniyeniyo osati wolopuleti yokha, ndipo utsike mkhoma masentimita 60 kapena ukoledwe ku chitsulo cha mu ring'i bimu. Chifukwa chake ndi kulemera: khoma la mainchesi 9, kutalika masentimita 60, pa mpata wa thirasi imodzi limalemera pafupifupi makilo 300, kuposa 200 aja. Mizera iwiri ya njerwa siifika ndi 100. Khoma likakhala lomangira dothi kapena la njerwa imodzi yogoneka mlitali, tsikani kuposa pamenepo, mpaka pa lintala.

Denga likasasuka, musanagule zatsopano yang'anani zomwe zagwa. Lata lili ndi mabowo ong'ambika misomali yatsala mmwamba, vuto ndi lata kapena mawosha. Misomali yapita ndi lata, vuto ndi msomali kapena thabwa. Mapelini apita nawo, ndi zija za ku Balaka. Zonse zapita, ndi khoma. Kupanda kutero mudzakonza pomwe sipanalakwike.

Nanga inu musankhe chiti

Nyumba yogona ya zipinda zitatu kapena zinayi, makoma amkati alipo, bajeti ndi yoyezera: paini wouma wothira mankhwala, 2x3 pa mapelini, misomali yopota kapena masikuluwu, ndipo ndalama yomwe mwapulumutsa posagula chitsulo ipite ku geji 28 ndi hupu ayoni. Ngati pulani ikadali pa pepala, denga la mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la gebulo, ndipo malata asatulukire kunja kwa khoma kuposa masentimita 45 kapena 60.

Tchalitchi, holo, sitolo yaikulu, chigayo, chilichonse chodumpha mamita 8 kupita mtsogolo: chitsulo, ndipo miyezo ya matirasi ilembedwe ndi injiniya, osati kuyerekeza ndi maso. Pa holo zitseko zimakhala zazikulu ndipo mphepo imalowa yambiri, ndiye kumanga ku ring'i bimu kukhale kwa mabawuti.

Malo a chiswe chambiri, komwe ngakhale mafelemu a zitseko sakhalitsa, ndipo muli pafupi ndi tauni: chitsulo, bola chikhale chokhuthala. Ngati ndalama ikungokwana chubu yopyapyala ija, bwererani ku matabwa a CCA.

Kumudzi kopanda magetsi, khitchini, khola, nyumba yaing'ono: malafita a bulugamu, mapelini ocheka, waya wotsika mkhoma mokwanira. Miyala ndi matayala pamwamba pa malata sizilowa mmalo mwa wayayo.

Malo a pamtunda opanda mitengo yotchinga, kapena mmbali mwa nyanja komwe mwera umawomba masiku angapo osaleka: kaya matabwa kaya chitsulo, masikuluwu okhaokha, msana uliwonse pa mizera yakumapeto, hupu ayoni pa pelini iliyonse. Ndipo khonde likhale ndi denga lakelake losalumikizana ndi la nyumba, nsanamira zake zomangidwa pansi ndi mmwamba momwe, kuti mphepo ikalowa pansi pake nkulinyamula lipite lokha, inu mutsale ndi pogona.